Khodi ya QR Yochokera kwa Mlendo: Mmene Wofuna Kulandira Amasandukira Wolipira

Mu Febuluwale 2021, mayi wina wachitsikana wa mumzinda wa Delhi ku India anaika sofa yake pamsika wa pa intaneti wa OLX, komwe anthu amagulitsana katundu wakale. Posakhalitsa kunapezeka bambo wina wofuna kugula. Mtengo anamvana, ndipo bamboyo anati alipiriratu pafoni. Anayamba watumiza kandalama kochepa, ati pofuna kutsimikiza kuti akaunti ndi yomweyo, ndipo kanalowadi. Kenako anatumiza chithunzi cha khodi ya QR, timabokosi takuda ndi toyera tija, n'kumuuza mayiyo kuti apange sikani kuti ndalama yonse ya sofa ilowe.

Mayiyo anachita zomwe anauzidwa. M'malo molowa ndalama, mu akaunti mwake munatuluka marupi 20,000. Atafunsa, bamboyo anapepesa, anati watumiza khodi yolakwika, ndipo anatumiza ina yoti akonzere cholakwacho. Khodi yachiwiriyi inatenganso marupi 14,000. Onse pamodzi anakwana 34,000, sofa ikadali pomwe inali. Nkhaniyi inalembedwa m'nyuzipepala zambiri za m'dzikolo, ndipo apolisi a ku Delhi anamanga anthu atatu.

Anthu akamva nkhani yotere amafulumira kunena kuti khodiyo inali ndi mankhwala, kapena kuti akathyali masiku ano amatha kulowa mufoni ya munthu kudzera m'chithunzi. Zoona zake n'zosavuta choncho, ndipo n'chifukwa chake zili zopweteka. Palibe amene anathyola foni ya mayiyo. Ndalama anazitumiza yekha ndi chala chake, kawiri konse, akuganiza kuti akulandira.

Khodi ya QR si chinthu chamatsenga ayi. Inapangidwa mu 1994 ku Japan ndi gulu la akatswiri a kampani ya Denso Wave, lotsogoleredwa ndi Masahiro Hara, ndipo ntchito yake yoyamba inali yothandiza kulondoloza zipangizo za galimoto m'fakitale. M'timabokosi tija mumangokhala mawu ndi manambala, olembedwa m'njira yomwe kamera imawerenga msanga koma maso a munthu sangawerenge. Khodi yaikulu kwambiri imatha kusunga manambala 7,089. Zambiri zomwe anthu amakumana nazo tsiku ndi tsiku zimangosunga mzere umodzi, monga adiresi ya tsamba la pa intaneti kapena nambala ya akaunti ya sitolo. Aliyense angathe kupanga khodi yakeyake kwaulere m'kamphindi kochepa, ndipo khodi ya mbava ndi ya banki sizisiyana maonekedwe.

Ku India, kulipira pafoni kumayendera njira yotchedwa UPI, yomwe bungwe la National Payments Corporation of India, mwachidule NPCI, linayambitsa mu Epulo 2016. Njirayi imachotsa ndalama mu akaunti ya kubanki ya munthu n'kuiika mu ya mnzake nthawi yomweyo, usana ndi usiku womwe. Inafalikira kwambiri moti mu Ogasiti 2023 chiwerengero cha malipiro odutsa pa UPI m'mwezi umodzi chinapitirira 10 biliyoni. Wogulitsa tiyi m'mphepete mwa msewu, wa masamba pamsika, woyendetsa kanjinga kamoto konyamula anthu, onse amapachika khodi yawo pamalo oonekera. Kumeneko kupanga sikani n'chizolowezi cha dzanja, ndipo chizolowezi chimenechi ndicho mbava zimadalira.

Khodi yomwe wakuba amatumiza ikamasulidwa, mkati mwake mumapezeka mzere wofanana ndi uwu, womwe walembedwa pano ngati chitsanzo chabe:

```
upi://pay?pa=dzina@banki&pn=Refund&am=20000&cu=INR&tn=Receive
```

Chigawo chilichonse chili ndi ntchito yake. Pamene palembedwa `pa` ndi pa adiresi ya wolandira ndalama, ndipo apa ndi adiresi ya wakubayo kapena ya munthu amene wam'bwereka akaunti. Pa `am` ndi pa kuchuluka kwa ndalama. Pa `pn` ndi pa `tn` ndi pa dzina ndi kauthenga, ndipo wopanga khodi amalembapo chilichonse chomwe wafuna. Apa ndiye amanamizira: amalemba mawu osonyeza ngati ndalama ikubwezedwa kapena ikulandiridwa. Koma mawu oyambirira a mzerewo, `upi://pay`, sasintha. Ndi lamulo louza pulogalamu ya pafoni kuti ikonze zolipira. Mumzere wonsewu mulibe malo olembapo akaunti ya munthu wopanga sikani ngati wolandira.

Tinganene kuti khodiyo ndi fomu yosungitsira ndalama kubanki yodzazidwa kale, dzina la mwini akaunti ndi kuchuluka kwa ndalama zalembedwa, changotsala n'kusaina.

Ndiye chimachitika n'chiyani kamera ikawerenga khodiyo? Pa nthawi imeneyo palibe ndalama yomwe yatuluka. Pulogalamu yolipirira, kaya ndi Google Pay, PhonePe kapena Paytm, imatsegula tsamba loonetsa dzina la wolandira, kuchuluka kwa ndalama, kauthenga kaja, ndi batani lolembedwa `Pay` m'munsi mwake. Munthu akadina batanilo, pamabwera tsamba lina lofunsa nambala yachinsinsi ya UPI, ya manambala anayi kapena asanu ndi limodzi. Akangoilemba n'kuvomereza, banki yake imachotsa ndalama, ndipo m'masekondi ochepa imakhala yafika mbali inayo. Choncho pakati pa sikani ndi kuberedwa pali zitseko ziwiri, batani ndi pini, ndipo zonse amatsegula ndi mwini foni. Amene wapanga sikani n'kuona tsambalo, n'kubwerera osadina kanthu, sataya ngakhale rupi imodzi.

Funso lomwe limavutitsa anthu ndi lakuti, munthu wophunzira bwino, wodziwa kuwerenga, amadina bwanji batani lolembedwa kuti lipira pamene iye akufuna kulandira? Yankho lili m'zomwe wakuba amachita khodi isanafike komanso munthu ali mkati moiwerenga.

Choyamba amagula chikhulupiriro. Sanenerera mtengo, kapena amangonenerera pang'ono, ndipo wogulitsa amasangalala kuti wapeza kasitomala wabwino. Ambiri ku India amadzitcha asilikali omwe asamutsidwira kudera lina, n'kutumiza chithunzi cha chiphaso chabodza kapena chakuba, pofotokoza chifukwa chomwe sangabwere okha kudzaona katundu. Kenako pamabwera kandalama koyesera kaja. Ena amakatumiza m'njira yabwinobwino pa nthawi yomwe munthu akupanga sikani, iye n'kumaona ngati khodi ndi yomwe yabweretsa ndalamayo. Ena amamuuza kuti alipire marupi asanu pakhodi yoyamba, iwo n'kubweza khumi, ati umu ndi mmene makina amagwirira ntchito. Marupi khumi amenewo ndi mtengo wokhawo womwe wakuba amalipira, ndipo phindu lake ndi lakuti munthu waphunzitsidwa njira yabodza n'kuiona ikuyenda.

Chachiwiri amakongoletsa chithunzi. Khodi siibwera yokha. Amaizungulira ndi zizindikiro za banki kapena za pulogalamu yodziwika, n'kulembapo mawu akuluakulu oti pangani sikani mulandire ndalama zakutizakuti. Maso amakhulupirira mawu ali pachithunzi chifukwa ndi omwe akuwerengeka.

Koma chida chachikulu ndi mawu a pafoni. Wakuba sadula foni. Amakhala pamzere, akulankhula mosalekeza, akufotokoza batani lililonse lisanaonekere: kuti pabwera potipoti, dinani pamenepo, musadandaule ndi mawuwo, makina amalemba choncho, tsopano lembani pini kuti banki idziwe kuti ndinu mwini akaunti. Amathamangitsa, ati galimoto yodzatenga katundu yanyamuka kale, kapena khodi itha mphamvu pakapita mphindi ziwiri. Munthu amene akumvera mawu m'khutu uku akudina sikirini sawerenga, amangotsatira. Ndipo bodza lakuti pini ndi yotsimikizira kuti ndiwe mwini akaunti limamveka lanzeru, chifukwa m'moyo wa tsiku ndi tsiku pini imagwiradi ntchito yotsimikizira munthu. Chomwe chimaiwalika n'chakuti banki imafuna chitsimikizo chimenecho ndalama ikamatuluka, osati ikamalowa.

Khodi yachiwiri ija ndi yomwe imamvetsa chisoni kwambiri m'nkhani ya ku Delhi, ndipo si ngozi kuti inalipo. Munthu amene wangotaya marupi 20,000 mutu wake sukhala m'malo. Mtima uli phaa, manyazi amugwira, ndipo yekhayo amene akuoneka kuti angabweze ndalamayo msanga ndi yemwe ali pafoniyo, amene akupepesa mwaulemu. Kukana khodi yachiwiri kukutanthauza kuvomereza kuti ndalama yapita. Ambiri amasankha kuyesanso, ndipo ena amabwereza katatu kapena kanayi mpaka akaunti itauma kapena atafika pamalire a tsiku, omwe pa malipiro wamba a UPI ndi marupi 100,000. Si uchitsiru. Ndi mmene mtima wa munthu umachitira ukadzidzimuka, ndipo akuba amawerengera zimenezo poyamba pomwe.

Mabanki a ku India, kuphatikizapo State Bank of India yomwe ndi yaikulu kuposa onse, akhala akubwereza uthenga umodzi kwa zaka zambiri: sikani ndi yolipirira, ndipo polandira ndalama pini siifunika. Mu 2025 bungwe la NPCI linalamula kuti mapulogalamu azionetsa dzina lenileni la wolandira monga linalembedwera kubanki, osati lomwe wopanga khodi walemba. Zimenezi zinatseka mpata umodzi. Komabe dzina lenileni la munthu wosam'dziwa silimuuza kanthu wogulitsa sofa, makamaka poti akaunti zambiri zolandirira ndalama zakuba ndi zobwereka kwa anthu osauka omwe amapatsidwa kangachepe.

Sikuti khodi iliyonse ya mlendo imatsegula tsamba lolipirira. M'maiko omwe mulibe njira ngati UPI, khodi yolonjeza ndalama nthawi zambiri imabisa linki. Foni imatsegula tsamba looneka ngati la banki kapena la kampani yotumiza katundu, lofunsa nambala ya khadi, tsiku lomwe khadi idzathere ntchito, manambala atatu a kumbuyo, ndi nambala yomwe banki yangotumiza pa uthenga, ati kuti ndalama ilowe. Zonsezi ndi zomwe munthu amafunika pogula zinthu ndi khadi ya wina. Ubwino wa khodi kwa wakuba ndi wakuti adiresi yabodza siionekera poyera monga imachitira mu uthenga wolemba. Mafoni ambiri amaonetsa adiresiyo m'kamzere kakang'ono asanatsegule tsamba, koma ndi ochepa amene amaima n'kuiwerenga. Bungwe la FBI ku Amereka linachenjeza anthu za khodi zotere mu Januwale 2022, nthawi yomwe m'mizinda ya Austin ndi San Antonio ku Texas munapezeka zomata zabodza pamakina olipirira malo oimika galimoto.

Choopsa kuposa apa ndi pamene linki ikuuza munthu kuti aike pulogalamu yatsopano mufoni. Mu Meyi 2023 nyuzipepala za ku Singapore zinalemba za mayi wa zaka 60 yemwe anapanga sikani khodi yomatidwa pachitseko cha sitolo ya tiyi, yolonjeza kapu yaulere kwa aliyense woyankha mafunso. Anaika pulogalamu yomwe anauzidwa mufoni yake ya Android. Usiku ali m'tulo, akuba anagwiritsa ntchito pulogalamuyo kuyendetsa foni yake ali kutali, ndipo anachotsa madola 20,000 a ku Singapore. Nakonso kuno khodi payokha siinabe kanthu. Chinatsegula khomo ndi pulogalamu yochokera kunja kwa Google Play ndi zilolezo zomwe inapatsidwa.

Pali njira inanso yomwe imakhudza aliyense wokhala ndi WhatsApp, kaya ali ku Mumbai kaya ku Mchinji. Kuti munthu atsegule WhatsApp yake pakompyuta, amapita pa `Linked devices` n'kupanga sikani khodi yomwe ili pakompyutapo. Ngati khodiyo yachokera pakompyuta ya wakuba, ndiye kuti wam'patsa mpata wowerenga mauthenga ake ndi kulemba m'dzina lake. Mwini foni saona chachilendo, WhatsApp yake imagwirabe ntchito. Amadzazindikira achibale atayamba kufunsa ngati ndalama yomwe anapempha ija yafika. Mankhwala ake ndi apafupi: kutsegula `Linked devices`, kuona mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, ndi kuchotsa chilichonse chosadziwika podina `Log out`.

Nanga ndalama ikapita, imabwerera? Apa mpofunika kunena zoona, chifukwa chiyembekezo chabodza n'chomwe akuba ena amadyerapo kachiwiri, podzitcha a kubanki othandiza kubweza ndalama. Kubweza n'kovuta pa zifukwa ziwiri. Kumbali ya banki, malipirowo ndi ovomerezeka: foni ndi ya mwini akaunti, pini ndi yolondola. Malamulo omwe banki yaikulu ya India inatulutsa mu 2017 amateteza kasitomala amene waberedwa popanda iye kulakwitsa, ngati wanena mkati mwa masiku atatu a ntchito, koma pamene kutayikako kwadza chifukwa cha kusasamala kwa kasitomala, mtolo umakhala wake kufikira nthawi yomwe wadziwitsa banki. Chifukwa china ndi liwiro. Ndalama ikangofika mu akaunti yoyamba imagawidwa n'kutumizidwa ku ina ndi inanso, kenako n'kutapidwa, zonsezi m'mphindi zowerengeka.

N'chifukwa chake boma la India linakhazikitsa nambala ya 1930 ndi tsamba la `cybercrime.gov.in`. Munthu akaimba msanga, uthenga umapita kumabanki omwe ndalamayo yadutsa kuti aitsekere pomwe yafika. Amene waimba patangopita mphindi zochepa ali ndi mwayi woposa wa amene wagona nazo kaye chifukwa cha manyazi. Zomwe amafunsidwa ndi nambala ya malipiro yomwe imaoneka mu pulogalamu, nthawi, kuchuluka kwa ndalama, adiresi ya wolandira ndi nambala ya foni ya wakubayo, choncho kufufuta mauthenga chifukwa cha mkwiyo n'kudziwonongera umboni. Ku Britain zinthu zinasintha pa 7 Okutobala 2024, pamene mabanki anayamba kukakamizidwa kubwezera anthu onyengedwa kuti atumize okha ndalama, mpaka mapaundi 85,000, ngakhale kuti lamuloli lili ndi malire ake. Maiko ambiri sanafike pamenepo.

Nkhaniyi ikukhudza a kuno kwathu m'njira ziwiri. Amalawi ndi a ku Zambia ambiri amapita ku India kukaphunzira, kukalandira chithandizo cha kuchipatala kapena kukapikula katundu, ndipo amene ali ku Joni amakumana ndi khodi za SnapScan ndi Zapper m'masitolo ndi m'malo odyera. Mlendo m'dziko la eni, amene sanazolowere mapulogalamu a kumeneko, savuta kum'namiza kuti kuno timalandira chonchi. Wophunzira amene akugulitsa firiji kapena matiresi pokonzekera kubwerera kumudzi ali pamalo enieni omwe mayi wa ku Delhi uja anali.

Njira yachiwiri ndi yakuti bodza lenilenilo si lachilendo kwa aliyense wogwiritsa ntchito Airtel Money kapena Mpamba. Uthenga woti mwawina mphoto, foni yoti ndakutumizirani ndalama molakwitsa mundibwezere, munthu wodzitcha wa kukampani ya mafoni wouza wina manambala oti adine mpaka kufika pa pini, zonsezi n'zamtundu umodzi ndi khodi ya QR. Chasintha ndi khomo lolowera basi. Ndipo aliyense amene analandirapo ndalama kuchokera kwa m'bale akudziwa mmene zimakhalira: foni imalira ili m'thumba, uthenga wafika, ndalama yalowa, iye osadina kalikonse.

Pamene anthu amasokonezeka ndi kwa ejenti. Munthu akapita kukatapa ndalama amalembadi pini, kenako n'kulandira makwacha m'manja, ndiye m'maganizo mwake pini ndi kulandira zimayendera limodzi. Koma chomwe chimachitika pamenepo n'chakuti ndalama ikutuluka mu akaunti yake kupita kwa ejenti, ndipo ejentiyo, amene waima pamaso pake, akum'patsa ndalama ya pamanja m'malo mwake. Pini yagwira ntchito yake ya nthawi zonse, yotulutsa. Mlendo wa pa WhatsApp amafuna gawo loyambalo lokha, lachiwiri palibe.

Wogula weniweni safuna zambiri. Nambala ya foni, nambala ya akaunti kapena adiresi ya UPI ya wogulitsa n'zokwanira kuti alipire, ndipo ngati pakufunika khodi, woipereka ndi wogulitsa, wopanga sikani ndi wogula. Chitsimikizo chakuti ndalama yafika si chithunzi cha risiti chomwe wogula watumiza, chifukwa chimenecho chimapangidwa mosavuta, koma ndalama yomwe ikuoneka mwini akaunti akatsegula yekha pulogalamu ya banki kapena akafunsa balansi. Amene walandira khodi kwa munthu wosam'dziwa yoti alandirire ndalama adule foni, asunge mauthengawo, ndipo ngati pini yalembedwa kale, aimbire banki kapena kampani yake ya mafoni nthawi yomweyo pa nambala yolembedwa pakhadi kapena patsamba lake lenileni, kenako akanene kupolisi.